Sabata yachinayi: kuchepetsa dera ndi maola a uthenga wamalonda mu Zomba

Lero yakwana sabata yachinayi chiyambireni kuphunzira kuyendetsa uthenga wamalonda pa Facebook, ntchito imene ndimaigwira madzulo ndikaweruka pothandiza achemwali anga, omwe amaphika chakudya chamasana n'kumatumiza pa kabaza m'maofesi a mu mzinda wa Zomba. Chimene ndakhala ndikulimbana nacho n'chakuti uthengawo uzionedwa ndi anthu okhawo amene kabazayo angawapeze nsima isanazizire, komanso pa nthawi imene asanaganize kodyera kwina.

Poyamba ndinalakwitsa pa nkhani ya dera. Mu Ads Manager, tsamba la Facebook loyendetsera uthenga wamalonda, pamene palembedwa Locations, ndinangolemba dzina la Zomba, ndipo sindinalabadire kuti dzinalo labwera ndi mkombero wa makilomita 40. Mtunda wotere umameza Thondwe, Namadzi ndi Domasi. Ndinazindikira vutoli achemwali atandionetsa foni yawo: mayi wina wa ku Namadzi anafunsa mtengo wa mpunga wa nkhuku, anayankhidwa mwaulemu, kenako zinadziwika kuti chakudyacho sichingamufike. Uthenga wa mayiyo unalipiridwa chimodzimodzi ndi wa kasitomala weniweni, ndipo zinandiwawa chifukwa ndalamayo ndi ya thukuta la pamoto.

Mkombero wa dzina la mzinda sutsika kuposa makilomita 17, choncho ndinachotsa dzinalo n'kugwiritsa ntchito Drop pin, chizindikiro chobaya pa mapu chimene chimalola mkombero kuyambira kilomita imodzi. Ndinabaya chizindikirocho pafupi ndi msika waukulu n'kuika makilomita 6, mtunda umene ukuphatikiza Matawale, Chinamwali, Sadzi ndi Yunivesite ya Malawi. Komabe mpanda umenewu uli ndi mipata. Facebook imawerengera anthu okhala m'deralo pamodzi ndi amene afikamo posachedwa, kotero wapaulendo wodutsa pa msewu wa M3 kuchokera ku Blantyre kupita ku Liwonde akhoza kuuona uthengawo, ndiponso foni siitchula malo a mwini wake molondola nthawi zonse. N'chifukwa chake mzere woyamba wa uthengawo tsopano ukunena poyera kuti timapereka mu Zomba mokha, ndipo mayina a madera alembedwa pa chithunzi penipeni.

Nkhani ya maola ndiyo yandidyera nthawi. Kwa masiku awiri ndinafunafuna malo osankhira maola osawapeza, mpaka ndinadziwa kuti Run ads on a schedule imaoneka pokhapokha bajeti ikakhala Lifetime budget, ya nthawi yonse ya uthengawo, osati Daily budget, ya tsiku lililonse. Ndinasintha madola 2 a tsiku lililonse kukhala madola 20 a masabata awiri, omwe ali ndi masiku 10 ogwira ntchito, ndipo ndinadetsa timabokosi ta Lolemba mpaka Lachisanu. Ndinasankhanso Use viewer's time zone, chifukwa akaunti ikakhala kuti inatsegulidwa pa nthawi ya dziko lina, maola onse amasuntha, uthenga wa m'mawa n'kumaoneka anthu atagona.

Maola amene ndinayamba nawo anali 11 koloko mpaka 2 koloko masana, poganiza kuti njala ndiyo idzakopa anthu. Achemwali anandiwongolera okha. Iwo anati, “Achimwene, ikamakwana 11 ndiwo ndimakhala nditagawa kale m'makontena, ndiye wofunsa 1 koloko ndimupatsa chiyani?” Apa ndinaona kuti ola loyenera ndi loitanitsira chakudya, limene limatsogolera ola lodyera ndi maola awiri kapena atatu. Ndinasunthira ndandandayo ku 7 koloko mpaka 11 koloko m'mawa, pamene anthu ali m'minibasi kapena angokhala kumene pa desiki, komanso pamene achemwali angayankhe WhatsApp manja asanatanganidwe ndi mthiko.

Poyeza zotsatira ndikutsegula Breakdown n'kusankha Time of day, koma sindikudalira chiwerengero cha pakompyuta chokha. M'kope la maoda tawonjezera mizere iwiri, wa dera ndi wa ola limene munthu analemba. M'masiku asanu apitawa mwalowa mauthenga 14, ndipo 11 mwa iwo achokera m'madera ofikika, 8 n'kusanduka maoda. Chiwerengerochi n'chochepa kwambiri moti sindingagamule nacho kuti 8 koloko ikuposa 10 koloko, choncho sindikhudza kalikonse mpaka masabata awiri athe.

Chimene ndikuchiyang'anitsitsa tsopano ndi Frequency, nambala yosonyeza kuti munthu mmodzi wauona uthengawo kangati. Dera likachepa ndipo maola akafupika, uthenga umabwerera kwa anthu omwewo, ndipo nambalayi yafika kale pa 3. Ikapitirira kukwera mauthenga a makasitomala akuchepa, ndidzayamba ndi kusintha chithunzi, kuchotsa cha mpunga wa nkhuku n'kuika cha nsima ya chambo, ndisanaganize zokulitsa mkombero kufika makilomita 8.