Dzina la a gulupu litasowa m'chimanga

Tinayamba ntchito yojambula makanema ine ndi mlongo wanga, ku Dedza, tili ndi kamera imodzi ndi laputopu yogula kwa munthu. Poyamba tinkangojambula zinkhoswe ndi maukwati. Ntchito imene inatiphunzitsa kulemba mayina pa kanema inabwera pambuyo pake, komiti ya m'mudzi wina itatiitana ku mwambo wotsegulira mjigo.

Tsikulo analankhula anthu asanu ndi awiri. Pokonza kanemayo ndinalemba mayina awo ndi zilembo zachikasu, zoonda, zopindikapindika ngati za pa khadi la ukwati. Pa laputopu zinkaoneka bwino. Tinatumiza pa WhatsApp, ndipo Loweruka lotsatira ndinapita kukatenga ndalama zotsala. Ndinapeza mayi a kunyumba kwa a gulupu ali pakhonde, foni ayifikitsa pafupi ndi mphuno, diso limodzi atatsinzina. Anandifunsa mofatsa kuti, "Mwanawe, kodi apa mwalemba kuti chiyani?" Dzina la amuna awo linali litagwera pa mapesi ouma a chimanga, chikasu pamwamba pa chikasu. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa bambo aja anali atayenda maulendo ambiri ku boma kuti mjigowo ubwere.

Usiku womwewo ndinatenga rula ndi kuyeza. Kanema wathu amakhala wa mapikiseli, timadontho topanga chithunzi, 1920 m'lifupi ndi 1080 m'mwamba. Munthu akagwira foni choimika, chithunzi chonsecho chimafinyika kukhala pafupifupi masentimita 7 m'lifupi ndi 4 m'mwamba. Zilembo zanga zinali za mapikiseli 30, kutanthauza kuti pafoni zinkangopitirira pang'ono milimita imodzi. Komanso WhatsApp imachepetsa kulemera kwa kanema potumiza, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi timizere toonda. Michira ya zilembo zija inali itasungunuka.

Kuyambira pamenepo dzina timalilemba ndi mapikiseli 60, udindo pansi pake ndi 42, mizere iwiri basi. Timagwiritsa ntchito zilembo zonenepa, zopanda michira, monga Arial Bold kapena Open Sans. Zilembo ndi zoyera, ndipo kumbuyo kwake timaika kachigamba kakuda koonekera pang'ono, kuda kwake kuli pa 70 peresenti. Kachigambako sitikasiya ngakhale chithunzi chioneke chakuda kale, chifukwa pa mwambo wa kumudzi kumbuyo kwa wolankhula sikukhazikika. Pano pali khoma la njerwa, kenaka adutsa amayi a mpingo atavala zoyera, kenaka chitenje cha maluwa. Timasiyanso malire a 5 peresenti m'mbali zonse, omwe ndi mapikiseli 96 kumanzere ndi kumanja, 54 pamwamba ndi pansi. Pansi timakweza kuposa pamenepo, poti ndi pamene foni imaonetsa kamzere kosonyeza pomwe kanema wafika.

Za nthawi tinapeza njira yathu. Mlongo wanga amawerenga dzina ndi udindo mokweza, mosathamanga, kawiri, ine ndikuyang'ana wotchi. Kawirikawiri zimakwana masekondi 6. Dzina silibwera mouluka kapena mozungulira. Limangotulukira munthu akayamba kulankhula, n'kukhala phee mpaka litachoka.

Chovuta kwambiri si kukula kwa zilembo ayi, ndi maudindo. Komiti ina inatipatsa pepala lolembedwa kuti "Wachiwiri kwa Wapampando wa Komiti Yoyang'anira Mjigo wa M'mudzi". Ukati zonsezo zikwane mzere umodzi, ubwerera ku zilembo za milimita imodzi zija. Tinagwirizana nawo kulemba "Wachiwiri kwa Wapampando", popeza mutu wa kanema unali utanena kale za mjigo. Koma udindo wa mfumu sindiudula ndekha. Nyakwawa si gulupu, gulupu si T/A, ndipo ukasokoneza zimenezi wanyoza munthu pamaso pa anthu ake. Masiku ano timapita ku mwambo ndi kope, mlembi wa komiti alembemo dzina lililonse ndi dzanja lake, kenaka tifunsenso mwini dzina kuti amalilemba bwanji. Ena amalemba dzina lawo ndi ŵ, ndipo si mtundu uliwonse wa zilembo umene uli nacho chilembo chimenechi. Chikasowa, pamatuluka kabokosi kapena w wooneka mosiyana ndi anzake. Choncho ndikafuna kuyesa mtundu watsopano, ndimayamba ndalemba "Malaŵi" ndi "ng'ombe" kuti ndione kadenga ndi kachizindikiro ka pa ng' ngati zakhala bwino.

Tisanapereke kanema, ndimadzitumizira ndekha pa WhatsApp, n'kumutsegula pa foni yakale yong'aluka galasi imene timasungira ntchito yomweyi. Ndimatuluka nayo panja masana, padzuwa, n'kuwapatsa amayi anga kuti awerenge mayina asanavale magalasi. Akadodoma pa dzina limodzi, ndimabwerera pa laputopu.

Kanema wa mjigo uja tinamukonzanso kwaulere. Nditabweretsa, mayi aja anawerenga dzina la a gulupu mokweza foni ili pamiyendo pawo, n'kuitana mdzukulu wawo kuti abweze kanemayo kumbuyo aonenso.