Winmail.dat yandilowa m'mutu tsopano

Mtima wakhala pansi. Mukatumiza zikalata pa imelo ya Outlook, wolandira n'kungoona fayilo ya winmail.dat, zikalatazo sizisowa ayi, zimangokhala zitamangidwa. Outlook ikamatumiza imelo mu Rich Text, imakulunga maonekedwe a zilembo pamodzi ndi mafayilo onse m'phukusi limodzi la mtundu wa TNEF. Outlook inzake imamasula phukusilo mwakachetechete, koma pulogalamu yosalidziwa, monga Mail ya pa iPhone, imangolionetsa momwe lilili, dzina lake winmail.dat. Taonani kukula kwake. Ngati munatumiza zikalata za 2 MB ndipo winmail.dat ikuyandikira pomwepo, zonse zili momwemo.

Zosintha mtundu wa imelo kuchoka ku Rich Text kupita ku HTML pa File > Options > Mail tonse tikuzidziwa. Chomwe chinkandizunguza n'chakuti ena amasintha koma vuto osatha.

Tiyerekeze kuti mwatumiza mafayilo atatu kwa anthu awiri, onse owerengera pa iPhone, imelo yake ya HTML. Woyamba walandira onse atatu, wachiwiri walandira winmail.dat yokha. Imelo ndi imodzi, ndiye kusiyana kwachokera kuti? Kwachokera pa adiresi. Outlook imatha kusunga lamulo loti munthu wakutiwakuti azitumiziridwa mu Rich Text, ndipo lamulolo limamatirira ku adiresi yake, kaya mu Contacts kaya pamndandanda wa Auto-Complete, uja umatulukira mukangoyamba kulemba dzina. Mukasankha dzinalo pamndandandapo mwatenganso lamulo lakale, ndipo limaposa zomwe munasankha mu Options. Lamulo lili pa munthu, osati pa kalata. Apa mpamene zonse zinandiwalira.

N'chifukwa chake ine ndimaikira kumbuyo kufufuta adiresi yosungidwayo, ndipo ndimaona kuti palibe njira yoposa imeneyi. Yambani kulemba dzina pa To, likatulukira dinani X ali pambali pake, kenako lembani adiresi yonse ndi manja. Ngati munthuyo alinso mu Contacts ndipo Outlook yanu ikuonetsa Internet format pa adiresi yake, ikani pa Let Outlook decide the best sending format. Tumizani imelo yatsopano, osati kuyankha yakale, chifukwa yankho limatsata mtundu wa imelo yomwe mukuyankhayo. Odandaula akakhala ambiri, batani la Empty Auto-Complete List limachotsa maadiresi onse osungidwa kamodzi, kungoti maadiresi abwino amapita nawo.

Chimandiwawa n'chakuti ophunzitsa ambiri amathera pa HTML basi, ola latha, mutu wina. Za adiresi yosunga lamulo satchula n'komwe, pomwe m'pamene anthu amatayira masiku.

Oyang'anira seva ya Exchange angathe kutseka TNEF pa maimelo otuluka kunja:

```
Set-RemoteDomain Default -TNEFEnabled $false
```

Apa ndiye maganizo anga sanakhazikike. Mabatani ovotera a Outlook amadalira TNEF yomweyo, ndiye mukatseka, anzanu akunja ogwiritsa ntchito Outlook sawaonanso. Kutsekera onse kapena kutsekera madomeni odandaula okha, ndikadasinkhasinkhabe.