Oyilo wa injini yokalamba: mmene ndimasankhira pa Probox ya makilomita 240,000

Pa galimoto yoti yayenda makilomita opitirira 200,000, sindisankha oyilo poona nambala ya pa mita yokha. Injini ziwiri zoyenda mtunda wofanana zimatha kusiyana kwambiri mkati. Titenge Probox ya injini ya 1NZ-FE, yomwe ilinso m'ma Sienta ndi ma Corolla ambiri kuno ku Mzuzu, yoti yafika makilomita 240,000 ndipo mwini wake sakudziwa oyilo amene eni ake akale ankathira.

Ndimayamba ndi kutsegula chotsekera pothirira oyilo n'kuunika mkati ndi tochi. Zitsulo zikaoneka zagolide kapena zofiirira pang'ono, injiniyo inkasamalidwa. Ndikaona phala lakuda lomata, ndimadziwa kuti oyilo ankachedwa kusinthidwa, ndipo apa sindithira oyilo wa sinthetiki n'kuiwala. Oyilo wabwino amasukusula phalalo, tizibuma timatsikira mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, n'kutseka sefa ya pampu. Chizindikiro chake ndi nyali ya oyilo yomwe imachedwa kuzima m'mawa kapena kuphethira injini ikatentha. Mankhwala otsukira injini mwachangu ndimawakana pa chifukwa chomwechi. Bola kumasula sampu, kutsuka sefa ndi manja, kuthira oyilo wotsika mtengo ndi fyuluta yatsopano, n'kusintha pa makilomita 2,000 kawiri.

Kenako ndimayang'ana pansi: m'mbali mwa chivundikiro cha pamwamba, kuseri kwa pule ya kutsogolo, ndi pomwe injini yalumikizana ndi giyabokosi. Anthu amati sinthetiki amaboola masilo, mphira zotchinga kuti oyilo asadonthe. Sizoona. Silo yakale imauma n'kung'aluka, dothi n'kumata mng'aluwo. Oyilo woyeretsa akachotsa dothilo, kudontha kumaonekera. Mankhwala ake ndi silo yatsopano.

Chachitatu ndi kuyeza mmene injini ikudyera oyilo. Ndimadzaza kufika pa chizindikiro cha pamwamba cha dipisitiki, galimoto ili pamalo osapendekeka, n'kulemba makilomita. Ikayenda 1,000 ndimayezanso, injini itazima kwa mphindi zisanu. Utsi nawo umanena zambiri. Wabuluu wotuluka poliza m'mawa, kapena mukaponda moto mutatsika mtsetse wautali ngati wa ku Chiweta, umaloza masilo a mavavu. Wotuluka pokoka mtunda muli katundu umaloza maring'i. Musanaweruze injini, masulani vavu yaing'ono yopumira yomwe ili pa chivundikiro n'kuigwedeza. Ikapanda kulira kuti ke-ke, yatsekeka, ndipo iyo yokha imatha kukankhira oyilo kunja kudzera m'masilo.

Tsopano kusankha. Mtundu wa oyilo ndi kukhuthala kwake ndi zinthu ziwiri, ndipo pa injini iyi kukhuthala ndiko kumaononga zambiri. Ambiri akangomva kuti galimoto ndi yakale amathira oyilo wamba wa minero, wokhuthala kwambiri, wa 20W-50. Pa injini zakale za kabureta, zamipata yotakasuka, oyiloyu ali bwino ndithu. Koma 1NZ-FE ili ndi VVT-i, makina osintha nthawi yotsegukira mavavu, omwe amayendetsedwa ndi oyilo wodutsa m'timabowo tating'ono ndi kasefa kosachedwa kutsekeka. M'mawa wa Juni kapena Julaye kuno, 20W-50 amakhala wolemera, amachedwa kufika ku kamshafiti ndi ku tcheni, ndiye mumamva phokoso la ngwe-ngwe kwa masekondi angapo. Masekondi amenewo ndi pomwe zitsulo zimadyana. Petulo nayenso amapita wochuluka.

Ngati Probox ija ili yoyera mkati, sikudontha, ndipo pa makilomita 1,000 dipisitiki yangotsika pang'ono, ndimathira sinthetiki wa 5W-30 kapena 5W-40. Amapirira kutentha pokwera mapiri ndipo sapanga phala msanga. Ngati ikudya pafupifupi theka la lita pa mtunda umenewo, ndimasankha semi-sinthetiki wa 10W-40: akatentha amakhalabe wochindikala mokwanira, pozizira amayenda, ndipo kuonjezera sikupweteka thumba. Ikafika lita yathunthu, palibe oyilo amene angabweze maring'i. 15W-40 wa minero amangogula nthawi podikira kukonza. Pa chigubu ndimaonetsetsa kuti palembedwa API SL kapena SN, zizindikiro za mulingo wa ubwino wa oyilo, ndiponso kuti chotsekera sichinatsegulidwepo. Oyilo wa m'mabotolo opanda dzina sindimugula.

Injini iyi imalowa malita 3.7 pamodzi ndi fyuluta, choncho chigubu cha malita 4 chimasiya wotsala woonjezera. Bauti ya pa sampu ndi ya sipanala 14, ndipo wochala yake ndimaika yatsopano. Kudzaza mopitirira chizindikiro n'koipa, oyilo amachita thovu. Minero ndimasintha pa makilomita 5,000. Semi-sinthetiki pa galimoto ya matola yoyenda m'fumbi la ku Mchengautuwa kapena Chibavi sindimupitiriza 6,000, ndipo sinthetiki amatha kufika 8,000 fyuluta ya mpweya ikakhala yabwino. Mukasintha mtundu, yezani dipisitiki ndi kuyang'ana pansi pomwe galimoto yagona sabata iliyonse m'mwezi woyamba.