Ndinataya wamoyo, ndinafunditsa wakufa

Buledi amene ndinalonjeza azakhali anga anayenera kukhala atatuluka mu uvuni iwo asanafike, ndipo ndinkaona kuti palibe chimene chingandivute, popeza zonse ndinaziyeza bwinobwino: fulawa kilogalamu imodzi, madzi mamililita 650, yisiti wouma magalamu 14, ndi mchere magalamu 20. Tsikulo kunali kozizira kwambiri moti madzi a pampopi ankaluma zala, koma ndinawathira momwemo, n'kukanda mpaka mtanda unasalala, kenako ndinauvundikira m'beseni.

Patatha ola lathunthu ndinavundukula, ndipo mtandawo unali monga ndinausiyira. Ndinaudina ndi chala, ndinaununkhiza, ndinafika mpaka poulankhula mawu amene sindingawalembe pano, koma sunasinthe. Pamenepo ndinagamula mlandu ndekha kuti yisiti uja anali wakufa, ndipo mtanda wonsewo ndinauponya m'kabini ka zinyalala kamene kamakhala pafupi ndi uvuni, n'kutseka chivindikiro kuti azakhali asadzaone manyazi anga. Uvuniyo ndinali nditaiyatsa kale, ndipo ndinaisiya ikuyaka.

Pa mtanda wachiwiri ndinaganiza zochenjera. Ndinadziuza kuti mwina kuzizira kunathandizira pa imfa ija, choncho ndinatenga madzi a m'ketulo amene anali atangowira, ndinathiramo ozizira pang'ono chabe, ndipo m'madzi ofuka nthunziwo ndinasungunuliramo yisiti watsopano. Mtanda umenewu unatuluka wofunda bwino m'manja. Ndinaufunditsa bulangeti langa labwino, ndinaukhazika pampando, ndipo ndinkayenda monyang'ama kuti ndisausokoneze.

Azakhali, amene anagwirapo ntchito yophika buledi kwa zaka zambiri ndipo amayenda ndi kachipangizo koyezera kutentha m'chikwama mwawo, anandipeza nditakhala pambali pa mpandowo ngati wodwazika matenda. Tisanamalize n'kupatsana moni komwe, tinamva kaphokoso kukona, ndipo chivindikiro cha bini chinayamba kutukuka chokha pang'onopang'ono. Ine ndinakhulupirira kuti ndi khoswe, ndinatola tsache, ndipo ndinawauza molimba mtima kuti aime kumbuyo kwanga. Nditakankha chivindikirocho ndi mpini wa tsache, chimene chinasuzumira chinali mtanda wanga woyamba, wonenepa, ukusefukira m'mbali, utanyamula makoko a mazira pamutu.

"Mwana wanga, uyu ndiye wamoyo," anatero azakhali atasiya kuseka. "Nanga amene wamufunditsayu ndani?"

Anabaya kachipangizo kawo mu mtanda wa m'bini, ndipo kanaonetsa madigiri 33. Anayeza fulawa wotsala m'thumba, anayeza mpweya wa m'chipinda chimene ndinkakandiramo, zonse zinali pa 15, ndipo madzi a pampopi anali pa 12. Apa anandifotokozera kuti mtanda wanga woyamba unayamba ulendo wake uli pa madigiri pafupifupi 15, pamene mtanda wa buledi wamba umafuna kukhala pakati pa 24 ndi 27 pomaliza kukanda. Yisiti ndi kanthu kamoyo kamene kamadya shuga wochokera mu fulawa n'kumatulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi mowa pang'ono, ndipo mpweyawo ukakodwa mu mtanda ndi umene umaufufumitsa. Kuzizira sikupha yisiti, kumangomuchedwetsa. Kutentha kukatsika ndi madigiri 8 kapena 10, nthawi yofufuma imawirikiza pafupifupi kawiri, choncho mtanda umene ukanafufuma pa ola limodzi ndi theka ukanafuna maola atatu kapena kuposerapo. Ngakhale m'firiji, pa madigiri 4, yisiti amakhalabe moyo, ndipo ophika ena amagonekamo dala mtanda usiku wonse kuti buledi akome kwambiri. Ine ndinauweruza patangotha ola limodzi, kenako mosadziwa ndinaupatsa malo ofunda kuposa ena onse m'nyumbamo.

Ndinayesa kudziteteza ponena kuti mtanda wa pampandowo unali wofunda, ndipo kachipangizo kanandivomereza, pakuti kanaonetsa 29. Azakhali anandifunsa kuti madzi aja anali otani pamene ndinkathiramo yisiti, ndipo nditavomera kuti chala sindikanachisiyamo, anapukusa mutu. Yisiti amayamba kufa madzi akapitirira madigiri 50, ndipo pofika 60 amakhala watheratu. Fulawa wozizira uja anaziziritsadi madziwo, koma anabwera mochedwa, maliro atachitika kale m'kapu. Chopusitsa chake n'chakuti mtanda wotere umaoneka wabwino, ndi wofewa komanso wofunda, ndipo munthu akhoza kuudikira mpaka kucha. Kuti andikhutiritse, anatenga yisiti wotsala m'paketi yomweyo, anamuthira m'madzi ofunda a madigiri 40 okhala ndi kashuga pang'ono, ndipo pasanathe mphindi 10 pamwamba panadzaza thovu. Yisitiyo analibe mlandu uliwonse.

Chimene chinandipweteka mtima kwambiri n'chakuti kuwerengera kwake n'kosavuta. Fulawa ndi chipinda n'zovuta kuzisintha msanga, koma madzi munthu amawasintha mmene akufunira, choncho ophika amayambira pa kutentha kumene akufuna kuti mtanda ukhale nako, n'kubwerera m'mbuyo. Ngati ukufuna madigiri 25, umachulukitsa katatu kuti upeze 75, kenako umachotsapo kutentha kwa fulawa, kwa chipinda, ndi kakutentha kamene kukanda kumawonjezera, kamene pokanda ndi manja ndi madigiri atatu kapena kuyandikira pamenepo. Tsiku limenelo kunali kuchotsa 15, 15 ndi 3 pa 75, ndipo yankho linali madzi a madigiri 42, ofunda bwino koma osawotcha. Pa tsiku lotentha, chipinda chili pa 30 ndipo fulawa ali pa 29, masamu omwewo amapereka 13, kutanthauza madzi ozizira ndithu. Wokanda ndi makina amachotsa zambiri, chifukwa makina amatenthetsa mtanda kuposa manja.

Ndinafunsa mwaulemu ngati sitingapulumutse mtanda wa m'bini podula mbali imene sinakhudze zinyalala. Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha, kenako anangoudina ndi chala. Chibowo cha chalacho sichinabwerere, mtanda wonse unaphwa n'kutulutsa fungo la mowa lowawasa. Anati umu ndi mmene umakhalira mtanda wofufuma mopitirira pamalo otentha: yisiti amathamanga kwambiri kutentha kukafika cha m'ma 35, amamaliza shuga msanga, mtanda umafooka n'kulephera kusunga mpweya, ndipo buledi wake amatuluka wophwa pamwamba ndi wotuwa. Mtanda wofufuma bwino ukaudina, chibowo chimabwerera pang'onopang'ono osatsekeka chonse, pamene wosafufuma mokwanira umabweza chala nthawi yomweyo.

Mtanda wa pampando ndi umene tinaupulumutsa. Azakhali anathiramo yisiti wa thovu uja, anandilamula kuti ndikandenso ndikuwaza fulawa pang'ono mpaka zonse zisakanikirane, ndipo anauika patali ndithu ndi uvuni, pamene kachipangizo kanaonetsa 26. Unafufuma pa nthawi yake, ndipo buledi tinadya usiku kwambiri. Bulangeti analitenga iwo n'kudzifunditsa, akunena kuti m'nyumba monsemo ndi iwo okha amene akanapindula nalo, ndipo ine anandituma kukatsuka bini.