Ndidzakukonda mpaka 14.12

M'kati mwa mphete ya ukwati muli malo ochepa kwambiri, ndipo munthu wokonda kulankhula ngati ine samayenera kupatsidwa ntchito yosankha mawu oti alembedwemo. Koma pogawana ntchito za ukwati wathu, ya mphete inagwera ine. Bwenzi langa anati poti ndine wodziwa kulemba makalata, ndilembere mmisiri wa mphete kalata yomveka bwino, yonena mawu oti azokotedwe ndi tsiku loti mphetezo zifike. Masaizi tinali titayezetsa kale, golide titasankha. Chotsala chinali kalata basi.

Ndinailemba ndi mtima wonse. Ndime yoyamba inali ya moni ndi kuyamikira luso la mmisiriyo. Yachiwiri inafotokoza mmene tinakumanirana ndi bwenzi langalo, nkhani imene wosula golide sakanaigwiritsa ntchito pena paliponse. Zofunika zenizeni zinabwera kumunsi, m'mizere iyi:

Ya mkazi: Ndidzakukonda mpaka imfa idzatilekanitse 14.12

Ya mwamuna: chimodzimodzi

Pansi pake ndinawonjezera chiganizo chimene ndinkanyadira kwambiri: "Chonde lembani ndendende zomwe zili pamwambazi, osasintha, osawonjezera, osachotsa ngakhale chilembo chimodzi." Ndinachidula mzere kunsi. Kenako ndinatseka ndi mawu akuti ukwati uliko pa 14 Disembala, choncho mphete zifike tsikulo lisanakwane.

Patapita masiku mmisiriyo anandiimbira foni. Ndinali pakati pa mkangano wa mndandanda wa oitanidwa, khutu limodzi kwa iye, lina kwa azakhali anga.

"Achimwene, mawu a mphete ya mayiyi achuluka," anatero. "Ndawerenga zilembo 46 kuphatikiza mipata ndi deti. Malo alipo a zilembo 25."

Ndinamufunsa ngati sangazipanikize. Anandifotokozera modekha, ndipo zimene ananenazo ndinadzazimvetsa mochedwa. Mphete ya chala chowonda ngati cha bwenzi langa imakhala ndi mamilimita 52 kuzungulira m'kati. Pamenepo si ponse polembapo ayi, chifukwa pali chidindo chosonyeza mtundu wa golide, chathu chinali 375 kutanthauza makarati 9, komanso chizindikiro cha wopanga. Zimenezo sazifufuta. Zikatenga malo awo, pamatsala mamilimita pafupifupi 40, ndipo chilembo chilichonse chowerengeka ndi maso chimadya milimita imodzi ndi theka pamodzi ndi kampata kake. Mpata wa pakati pa mawu nawonso umawerengedwa ngati chilembo. Kuwonjezera apo, mpheteyo inali yopyapyala, mamilimita awiri okha m'lifupi, moti mizere iwiri sikanatheka. Anati makina a leza, ogwira ntchito ndi kuwala kwamphamvu, atha kuchepetsa zilembo mpaka zonse zitalowa, koma pofuna kuziwerenga tizidzabwereka galasi lake lokulitsira zinthu.

"Ndiye tichotse ziti?" anafunsa.

Ndinaganiza mwachangu. Deti silingachoke, ndilo mwini nkhani. Komanso mawu a imfa pa mphete ya chikondwerero anali atayamba kale kundidetsa nkhawa.

"Chotsani mawu awiri omalizawo, a imfawo. Deti lisiyeni."

Kunali zii pang'ono. "Mwati ndichotse imfa idzatilekanitse, deti likhale?"

"Eya, bambo."

"Ndikutumizireni chithunzi cha mmene ziwonekere, muvomereze kaye?"

"Musavutike, ntchito yanu ndimaidalira."

Azakhali anali akufunsa chifukwa chake mwana wa msuweni wawo sanalembedwe, choncho ndinadula foni ndikudzimva kuti ndine munthu wotha kugamula nkhani ziwiri nthawi imodzi.

Za tsiku lofikira mphete zinandipweteka mwanjira yake. Ine polemba kuti zifike tsiku la ukwati lisanakwane, mumtima ndinkatanthauza kumayambiriro kwa mwezi. Mmisiri saona mumtima, amaona kalendala. Kalata ikatchula deti limodzi lokha, iye amalemba lomwelo m'buku lake, n'kuika ntchitoyo pamzere poyerekeza ndi za anthu ena amene madeti awo ali pafupi. Ndipo mphete sangozokota tsiku lomwe walandira kalata. Imayamba yapangidwa kapena kukonzedwa saizi, chifukwa pochepetsa kapena pokulitsa nthawi zambiri amaidula n'kuilumikizanso, ndipo zilembo zomwe zili pamalo odulidwawo zimawonongeka. Kuzokota kumabwera kumapeto. Ndikamufunsa, ankayankha kuti zonse zili m'dongosolo, zifika ukwati usanachitike monga ndinalembera. Sananame. Zinafika pa 13 Disembala, dzuwa litapendeka.

Ndinatsegula kabokosi pamaso pa bwenzi langa ndi mnzanga amene anali wondiperekeza pa ukwatiwo. Mphete zinali zokongola, zimenezo ndisabise. Bwenzi langa anatenga yake, anaipendeketsa pawindo, n'kuyamba kuizunguliza pang'onopang'ono akuwerenga mokweza.

"Ndidzakukonda..." anamwetulira, n'kundiyang'ana. "Mpaka..." Anazunguliza kachiwiri. Kumwetulira kuja kunayamba kuzilala. "Mpaka 14.12."

Ndiyenera kunena kuti zilembo zinalipo 25 zenizeni, osaposa, osapereŵera.

Masiku onse ankanditchula kuti iwe. Madzulo amenewo ndinakwezedwa udindo.

"Inu bambo, 14.12 ndi mawa."

"Ndi deti la ukwati limenelo, wokondedwa."

"Ndikudziwa. Ndikufunsa kuti chikondichi chikutha nthawi yanji, m'mawa kapena tidikira phwando lithe? Ndikufuna ndidziwe ngati ndivale nsapato zothamangira."

Mnzanga uja anali atakhala pansi, akupukuta misozi. Pofuna kusintha nkhani ndinamuuza kuti awerenge yanga, ndikudziwa kuti imeneyo ndi yaikulu, mamilimita 62 kuzungulira ndi asanu ndi imodzi m'lifupi, moti mawu onse aja ayenera kuti analowa bwinobwino, imfa ndi deti lomwe. Anaitenga, anasuzumira, n'kuiika patebulo mwaulemu ngati chinthu chopatulika. Kulankhula kunamukanika. Ndinaitola ndekha. M'kati monsemo, m'zilembo zikuluzikulu zotakasuka, chifukwa malo analipo ambiri, munalembedwa mawu amodzi okha: CHIMODZIMODZI.

"Ndiye kuti nanunso mpaka mawa," anatero bwenzi langa. "Bola tagwirizana."

Ndinaimba foni nditakonzeka kukalipa. Mmisiriyo anandisiya ndilankhule mpaka mpweya utandithera, kenako ndinamva kuphwanyika kwa pepala. Anandiwerengera kalata yanga, mzere ndi mzere, mpaka pa chiganizo chodulidwa mzere kunsi chija, chimene anachiwerenga kawiri.

"Koma bambo, munthu angalembetse chimodzimodzi pa mphete ya ukwati?"

"Achimwene, anthu amalembetsa zinthu zambiri. Wina amalembetsa dzina loseketsa lomwe amaitanirana awiriwo, wina mawu oti bweza pachala. Ine ndikayamba kufunsa tanthauzo la chilichonse, ndilowerera za m'nyumba za eni. Ndinaganiza kuti mayi akati ndimakukonda, inu mumayankha choncho."

Pamenepo ndinalibe poyankha, chifukwa nthawi zina ndimayankhadi choncho.

Ndinafunsa ngati angakonze usiku womwewo. Anati zilembo si choko choti n'kupukuta ndi nsanza. Zalowa m'golide. Njira imodzi ndi kupala m'kati monse mpaka zilembo zitafafanizika, n'kupolisha, n'kulembanso, koma kupalako kumadya golide, mphete imapyapyala ndipo imakhwepa pang'ono pachala. Pa mphete ya mamilimita awiri zimenezo amachita mosamala, kamodzi kokha. Njira ina ndi kudzaza zilembozo ndi golide wa makarati omwewo pogwiritsa ntchito leza, n'kusalaza, koma imeneyo ndi ntchito ya masiku, ndipo chidindo chija chiyenera kutsala chosakhudzidwa. Kubweza mphete n'kutenga ina sikunali kotheka, poti mphete yolembedwa mawu a munthu sangaigulitsenso kwa wina. Anawonjezera kuti zikanafika milungu iwiri m'mbuyomo, zonsezi zikanakonzeka popanda wina kudziwa. Ndinatsala pang'ono kumufunsa chifukwa chake sizinafike milungu iwiri m'mbuyomo, koma ndinamva pepala lija likuphwanyikanso, ndiye ndinangotsanzika.

Ubwino wake zilembo zimakhala m'kati. Tinavekana mphete anthu akuwomba m'manja, osadziwa kuti imodzi inali kutha ntchito tsiku lomwelo. Vuto linali mnzanga uja, amene anasunga mphetezo m'thumba mwake. Pozipereka mapewa ake ankagwedezeka, ndipo anthu ambiri anadzatiuza kuti sanaonepo mnyamata wokhudzidwa ndi ukwati wa mnzake chotero. Usiku, nthawi itangopitirira 12 koloko, mkazi wanga anandigwedeza n'kundifunsa ngati ndikufuna kuwonjezera masiku.

Kalata yachiwiri analemba yekha, ine ndikungoonerera. Inalibe mbiri ya mmene tinakumanirana. Inati:

"Bambo, ndabweretsa mphete imodzi ya golide wa makarati 9, saizi 52, mulifupi mamilimita 2. Fufutani mawu onse a m'kati, chidindo chisakhudzidwe. Mukatha muiyezenso pachala changa musanalembe. Mawu atsopano ali okha pamzere uli m'munsiwu, ndipo china chilichonse m'kalata muno si cholemba pa mphete.

Ndidzakukonda mpaka muyaya

Zilembo ndi 26 kuphatikiza mipata iwiri. N yoyambayo ndi yaikulu, zina zonse zazing'ono, palibe mpumiro kumapeto. Ngati sizikwana, musachotse kanthu, mundiimbire ineyo. Munditumizire chithunzi cha mawuwo ndivomereze musanayambe. Mphete ndidzaitenga ndekha pa 20 Januwale."

Mwezi anaulemba m'mawu, osati m'manambala, akuti munthu wina akaona 01.02 amawerenga Febuluwale pomwe mnzake akuwerenga Januwale. Ndinayesa kunena kuti kalatayo ndi youma, ikusowa kamoni kotentha. Anandiyang'ana, ndipo ndinapita kukaona ngati chitseko chinali chotseka.

Mmisiri ataiwerenga anagwedeza mutu mokhutira. Anati chilembo chimodzi chowonjezeracho achipezera malo, angochepetsa mipata pang'ono. Kenako analoza dzanja langa.

"Nanga ya bamboyi? Malo alipo ambiri, titha kulemba zonse zija."

Ndinali nditayamba kale kuivula.

"Imeneyo isiyeni," anatero mkazi wanga. "Analemba okha, anadulanso mzere kunsi."

Mmisiri anatulutsa pepala loti tisainire kuti tagwirizana, n'kuika cholembera pakati pathu. Nditatambasula dzanja, onse awiri anachikankhira kumbali ya mkazi wanga.