Nyimbo ya malemu bambo ndi mabatire oyanika padzuwa

Inu amene mwayamba kundiyimbira "mmm, mmm" ndikamadutsa pa Kamwendo, dikirani ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Inde, ndinayimba pa chiliza cha bambo. Inde, azakhali a ku Chipata anachita kuwatulutsa kumanda atawagwira uku ndi uku. Koma tamvani kaye.

Madzulo aliwonse bambo akachoka ku chigafa ankakhala pakhonde n'kuika kaseti yojambulitsa, yopanda dzina, mu wailesi yawo. Munkatuluka besi ya mwamuna, yokoka, yolemera ngati ngolo yodzaza mabelo ikukwera chitunda. Mawu ake sankamveka, koma chisoni chokha chinali chosabisika. Atamwalira mu 2003, kasetiyo inasowa pogawana katundu, ine n'kutsala ndi nyimbo ya m'mutu.

Ndaisaka, abale. Ndinayambira kwa ogulitsa makaseti pa Mchinji boma, makaseti atatha ndinasamukira kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni. "Bigi, woyimba ndani?" Kaya. "Nanga mutu wake?" Kaya. "Ndiye tayimbani." Ine n'kutsinzina, n'kuyamba kubuula pakati pa msika. Wina anandidzazira memori khadi ndi nyimbo za maliro zokhazokha. Wina pa boda ya Mwami anamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kundifunsa mwaulemu ngati m'mimba muli bwino.

Ndiye tsiku la chiliza litafika ndinati palibe kanthu, kaseti ndikhala ineyo. Abusa atatha pemphero ndinapempha kanthawi, n'kuvula chipewa, dzanja pachifuwa. Ndinaikoka nyimbo ija, ndinaikoka zedi, mpaka khwangwala amene anali pamtengo anatopa n'kuuluka. Nditafika pakati ndinatsegula diso limodzi. Azakhali aphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedera. Amayi aweramira pansi, nawonso akugwedera. Mumtima ndinati eya, yawafika pamtima. Ndinabwereza vesi yachiwiri. Azakhali anatulutsa kamawu kena kake, "hiii", n'kukhala pansi pafumbi, ine n'kuwonjezera mphamvu. Mkulu wa mpingo wina, posafuna kutsalira, anayamba kundithandiza besi. Tinamaliza awiri, thukuta lili kamukamu, anthu akuti "ameni" mokayikira.

Chinsinsi chinaululika patapita masabata angapo kwa madala ena okonza mawailesi mumsika. Ndinawabuulira mwachizolowezi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Bambo anu mabatire ankagula atsopano?" Ndinati ayi, ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe, ena n'kuwamenyamenya ndi mwala. Madala aja anafwanthula katoni n'kutulutsa kaseti yakale ya kalindula wa ku Zambia. Itayamba, ndinamva mayi wa mawu akuthwa akuthamanga ndi gitala ya besi, nyimbo yoti munthu uthyoke nayo chiuno. Ndinati si imeneyo. Iwo osayankha, anangopanikiza chala pa kagudumu kamene lamba wa mota amazungulitsa mkatimo. Tepi inayamba kuyenda mwaulesi, mayi uja anasanduka mwamuna ine ndikuona, ndipo bambo anga anabwerera pakhonde.

Akuti tepi ya kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Mabatire akafooka kapena lamba akakhwepa, mota imalephera kukoka, nyimbo imachedwa ndipo mawu amatsika limodzi ndi liwirolo. N'chifukwa chake anyamata a mafoni sakanaizindikira: foni batire ikatha imangozima, siikoka mawu. Ine zaka zonsezi ndinkasaka nyimbo yomwe inkapezeka pakhonde pathu pokha.

Tsono mawu ake. Pa liwiro lake lenileni amamveka bwinobwino, Chinyanja chosavuta. Mayiyo akunyoza mwamuna wake amene wagulitsa fodya, wasowa mwezi wathunthu m'tauni, n'kubwera kunyumba ndi sopo mmodzi ndi chipewa chatsopano. Imeneyo ndiyo ndinayimba pamanda a bambo anga, kawiri, mothandizidwa ndi mkulu wa mpingo.

Ndinapita kwa amayi kukadandaula kuti bwanji osandiuza. Anati, "Unandifunsapo iwe?" Kasetiyo akuti anagula ndi iwowo ku Chipata, chaka china bambo atabwera kuchokera ku okushoni ku Lilongwe ali ndi chipewa chatsopano. Bambo anailandira ndi manja awiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanagulenso batire latsopano. Ndiye inu oweruza, wolakwa ndani apa? Ine ndinasunga mokhulupirika zimene ndinamva, ndipo mkulu wa mpingo uja palibe akumuvutitsa.

Nyimboyo ili mufoni tsopano, koma sikundikomera, ikuthamanga kwambiri. Ndinapempha mnyamata wa pa Kamwendo kuti aichedwetse pa kompyuta, akuti ndiwonjezere K2,000. Tikadakambirana.