Puloti yanga inayezedwa ndi miyendo ya agogo

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo pa ofesi amandidziwa kuti kalata ikadutsa m'manja mwanga ngakhale kadontho kosowa ndimakaona. Ndikunena izi kuti mumvetse kukula kwa manyazi anga.

Mu Okutobala 2023 ndinapeza puloti kunja kwa Lilongwe, njira ya ku Mchinji. Mwini wake, kapena amene ndinkamuyesa mwini wake, anali bambo wamtali ngati mlongoti, woseka bwino, wodziwa kunena kuti "bwana". Tinagwirizana K3,000,000. Ine ndinali ndi K2,000,000 m'chikwama. Mayi a kunyumba anati tidikire tibwere ndi tepi komanso tikaonane kaye ndi amfumu. Ndinawayankha kuti anthu ofuna malowa ndi ambiri, tikazengereza tilira.

Bamboyo anayeza malowo ndi miyendo yake. Sitepe iliyonse inali ngati akulumpha ngalande. Masitepe 30 m'litali, 20 m'lifupi. Ndinawerengera mumtima kuti sitepe yotere ndi mita yathunthu, mwinanso kuposa, ndipo ndinamva ngati ndamubera. Kenaka anang'amba pepala m'kope la mwana wa sukulu, tinalemba pangano titatsamira pa chishalo cha njinga:

"Ine ndagulitsa malo anga kwa bambo awa, 30 kwa 20, kuyambira pa chulu kukafika pa nthochi mpaka pa mtengo wa mango. Ndalandira K2,000,000. Zotsala adzapereka."

Ndinawerenga kawiri. Ndinakonza liwu limodzi lomwe analemba molakwika, ndikunyadira. Mboni zinali ziwiri, anyamata omwe tinawapeza akusewera bawo pa golosale. Wina anasayina, winayo analemba dzina lake la masewera. Ndinawagulira zakumwa.

Patapita miyezi isanu ndinabwera ndi mmisiri kuti tikumbe maziko. Chulu panalibe. Munthu wina anali atachigumula n'kuumba njerwa, ndipo pamalo pake panali dzenje lodzaza madzi, achule akuimba. Nthochi inalipo, koma amene anadzalapo nthochi akudziwa khalidwe lake: tsinde likabereka limadulidwa, ana ake amaphukira pambali. Yanga inaphukira cholowa m'puloti mwanga, ngati yatumidwa. Mitengo ya mango inali itatu. Tsiku logula ndinaona umodzi wokha, chifukwa maso anga anali pa nyumba ya m'maloto.

Tisanakhome n'chikhomo chimodzi chomwe, kunatulukira agogo aakazi ndi ndodo yawo.

"Mwaswera bwanji, ana anga? Mukufuna chiyani m'munda mwanga?"

Ndinatulutsa pepala langa mwaulemu. Agogo anaitana mdzukulu wawo kuti awawerengere. Atamva dzina la wogulitsa anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyo ndi mkamwini. Anabwera pano ndi kachikwama ndi wailesi. Malo anawatenga kuti?"

Apa m'pamene ndinakumbukira zomwe ndimazidziwa kuyambira ubwana. Kumudzi kwa chikamwini, munda umayenda kuchikazi. Mwamuna amalima, amakolola, amadya, koma nthaka ndi ya mbumba ya mkazi wake, ndipo nkhani yoitaya imadutsa kwa mwini mbumba, atsibweni. Pa pepala langa panalibe mkazi wake, panalibe atsibweni, panalibe agogo. Mawu akuti "malo anga" ndinawawerenga kawiri konse osafunsa kuti "anga" wake ndani.

Nkhani inapita kwa anyakwawa. Tinakhala pansi pa mtengo, ine pa mpando, mtima uli pansi. Amfumu anatenga pepala lija, analitembenuza kumbuyo, analitembenuzanso.

"Bambo, chidindo changa chili pati?"

Ndinati tinali pa changu. Iwo anati malo a m'mudzi sagulitsidwa mfumu isakudziwa, ndipo anandikumbutsa kuti lamulo la malo a makolo la 2016 linaikanso makomiti oona za malo, wapampando wake gulupu. Ine ndinali nditadumpha onsewo n'kukakhulupirira anyamata a bawo.

"Itanani mboni zanu."

Mmodzi anali atapita ku Joni. Wa dzina la masewera uja anabwera, nati akukumbukira bwino lomwe kuti chakumwa chinali chozizira. Za malire anati sanapiteko n'komwe kumundako, anasayinira pa golosale. Anthu anaseka, ndipo amfumu anafunsa gulu kuti mboni yosaona malire ikuchitira umboni chiyani. Oyenera kukhalapo anali eni minda yoyandikana, chifukwa ndi amene amadzuka m'mawa n'kuona ngati malire asuntha.

Banja lija silinali loipa mtima. Ndalama zinali zitadyedwa kale, zina zinagula malata omwe agogo omwewo ankagonamo, choncho atsibweni anati malowo andipatsa ndithu, koma motsatira pepala. Ndinapuma. Kenaka anafunsa:

"Apa palembedwa 30 kwa 20. Makumi atatu a chiyani?"

Ndinati mamita. Mkamwini anati masitepe. Atsibweni anati ngati ndi masitepe, ayeze mwini munda.

Agogo anaimirira. Abale anga, sindinaonepo munthu akuyenda mosamala chotero. Sitepe yawo inali ngati masentimita 60. Ndinayenda pambali pawo ndikuwalimbikitsa ngati mwana wophunzira kuyenda: "Tambasulani pang'ono, agogo." Iwo anati bondo. Titayeza ndi tepi ya mmisiri, tinapeza mamita 18 kwa 12. Puloti yomwe m'mutu mwanga inali masikweya mita 600 inatsala 216. Nyumba ya zipinda zinayi inasanduka nyumba yoti ukayetsemula kuchipinda, a pabalaza amayankha.

Ndiye panabwera za ndalama. Ndinatulutsa K1,000,000 yotsala ija. Mkamwini, yemwe anali chete ngati wanyowa ndi mvula, anadzuka.

"Bwana, imeneyo inali ndalama ya kale. Kwacha inagwa."

Zoona, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo simenti ndi shuga zinakwera tonse tikuona. Ndinati koma tinagwirizana K3,000,000. Amfumu anayang'ana pepala. Mtengo wonse sunalembedwe paliponse. Panangoti "zotsala", osanena kuti ndi zingati, zidzaperekedwa liti, kwa ndani, komanso chidzachitike n'chiyani ndikachedwa. Ine amene ndinakonza liwu lolakwika sindinaone kuti nambala yaikulu kwambiri palibepo.

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Mayi a kunyumba, omwe anakhala chete tsiku lonse, ndi amene anapulumutsa zinthu. Anapempha kulankhula ndi agogo paokha, anakambirana za matenda a bondo ndi za mvula, ndipo pobwerera anali atagwirizana mamita 25 kwa 18, ine ndiwonjezere K300,000 pa yotsala ija.

Pangano latsopano analemba okha mayiwo. Ogulitsa anali agogo ndi mwana wawo wamkazi, mayina monga alili pa ziphaso za unzika pamodzi ndi manambala ake, atsibweni n'kuvomereza. Mbali zonse zinayi zinalembedwa m'mamita, ndi dzina la mwini munda wa mbali iliyonse, ndipo eni mindawo ndi amene anakhala mboni. M'makona tinakumba n'kuthira simenti ndi chitsulo pakati, onse akuona. Mtengo wonse unalembedwa m'manambala ndi m'mawu, zolipira kale, zotsala, ndi tsiku lomaliza kulipira. Agogo anadinda chala, amfumu anadinda chidindo, aliyense anatenga pepala lake.

Ine ndinapatsidwa ntchito yogwira kumapeto kwa tepi. Nditapempha kuti ndiwerengeko panganolo ndisanasayine, mayi a kunyumba anandipatsa cholembera n'kuloza ndi chala.

"Apa, bambo a ana. Zowerenga munawerenga kale chaka chatha."